"Wayesetsa mwanangu" siiphunzitsa masamu

"Mwana wanga wamkazi ali giredi 7. Pa msonkhano wa makolo aticha anati tisamauze ana kuti ndi anzeru, tiziyamikira khama basi. Ndakhala ndikutero, amawerenga mpaka usiku koma masamu akulepherabe. Dzulo walira, akuti ndimangonena kuti wayesetsa chifukwa ndikudziwa kuti ndi mbuli. Nditani?" Mayi wa ku Matero

Mayi, imelo yanuyi yandikhudza zedi, ndipo ndinene poyera kuti ana si opusa, amamva zimene zili kuseri kwa mawu athu. Mwana akamaona kuti mnzake wokhoza akuuzidwa kuti wakhoza, iye akungouzidwa kuti wayesetsa, amadziwa kuti akupepesedwa.

Ine ndimaphunzitsa matyushoni pakhonde kuno ku Chawama, ndipo chaka chatha achemwali anga anandibweretsera mnyamata wawo, mwana wolimbikira moti malaiti akathima ankawerenga ndi tochi ya pafoni mpaka batire kutha. Nditatsegula kope lake mtima unandiwawa. Tsamba lililonse analemba zamtundu wa 1/2 + 1/3 = 2/5, amangophatikiza manambala apamwamba paokha, apansi paokha, ndipo m'munsi mwake aticha ndi bolopeni yofiira amangolemba kuti alimbikirebe. Alimbikire chani? Mwanayo analimbikira kale, ndipo usiku uliwonse ankangozamitsa cholakwa chomwecho m'mutu. Aticha aja sindikuwada ayi, chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi ena adzaza mpaka ana kukhala pansi, munthu mmodzi sangasuzumire kope lililonse, koma zimandipweteka kuti mawu okoma alowa m'malo mwa kuphunzitsa.

Ndinatenga buledi. Ndinamufunsa kuti uli ndi hafu, ndakuwonjezera kachidutswa kena, ungatsale ndi wochepa kuposa hafu? Anati ayi amalume, sizingatheke. Ndiye 2/5 yakoyi ikufika hafu? Anayang'anitsitsa, kenako anaseka yekha. Tinadula bulediyo zidutswa 6 zofanana, hafu ikhala 3/6, gawo limodzi mwa atatu 2/6, zonse pamodzi 5/6. Chimene chinkasowa ndi njira, khama linalipo lochuluka kale.

Manje zimene anakuuzani kusukuluzo sizabodza, zili ndi gwero. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 1998, Claudia Mueller ndi Carol Dweck ku America anapatsa ana a giredi 5 mafunso a zithunzi, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Atawapatsa mafunso ovuta, oyamikiridwa nzeru aja anagwa mphwayi msanga, ankakonda zosavuta kuti asaoneke olephera, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ananama za mamakisi awo. Koma onetsetsani apa, ana onsewo anayamikiridwa atauzidwa kuti akhoza. Khama limene ankatamandalo linali litabala zipatso. Palibe pamene kafukufukuyo ananena kuti mwana akalephera muzimusisita ndi "wayesetsa". Dweck mwini wake mu 2015 anadandaula kuti anthu apotoza nkhaniyi, aisandutsa yongotamanda khama.

Ndiponso chiphunzitso cha Dweck chakuti nzeru zimakula munthu akamalimbikira anthu achikuza mopitirira. Mu 2019 David Yeager ndi anzake anatulutsa zimene anapeza atachiyesa pa ana a giredi 9 oposa 12,000 ku America, ndipo amene ankatsalira m'mbuyo anakwerako ndi 0.1 pa sikelo yawo yamagiredi yofika 4.3. Phindu lilipo koma ndi laling'ono. Chaka chomwecho ku England kunatuluka zotsatira za kafukufuku wina, anaphunzitsa aticha a pulayimale njirayi koma ana awo sanapose anzawo pa masamu kapena kuwerenga. Ine maganizo anga ndi akuti kuuza mwana wa m'komboni, wopanda buku, wobwera kusukulu m'mimba muli gwa, kuti vuto ndi kaganizidwe kake, ndi kumusenzetsa mlandu wa akuluakulu, ndipo amene amakamba zimenezi m'mawekishopu ndikanakonda atabwera kudzakhala kalasi imodzi yamasana kuno.

Ndiye muchite chani

Lekani kaye kuyamikira maola amene wakhala patebulo. Tengani kope lake, sankhani masamu atatu amene analakwa, mumuuze apange limodzi mokweza mawu inu mukumvetsera. Ngati cholakwa chikubwera chofanana, vuto ndi njira, ndipo mupite nacho kwa aticha chimenecho, osati kungoti mwana akulephera masamu. Ngati akulakwa mosiyanasiyana, onani matebulo ochulukitsa, komanso ngati akumva Chingerezi cha funsolo, mumufotokozere m'Chinyanja muone ngati akhoza. Akakonza, tchulani chenicheni chimene wachita, monga "waona wekha kuti yankho lachepa kuposa hafu, wabwereza." Za kulira kuja, muuzeni kuti simukumuona ngati mbuli, kuti pali sitepe imodzi imene sanaonetsedwe bwino ndipo muifufuza limodzi Loweruka lino. Mukaipeza mundilemberenso, ndikutumizirani mafunso oyeserera a mtundu umenewo.