Mawu apansi kapena filimu yomasulira?

"Abale, ndikufuna mafilimu a ku Korea oonera pabanja kuno ku Chinamwali. Nditenge a mawu olembedwa pansi kapena omasulira m'Chichewa?"

Achimwene, yambani mwaona amene akaonere. Ngati pali agogo ndi ana, tengani yomasulira, chifukwa mawu apansi amakhala m'Chingerezi ndipo sadikira munthu. Amalemba mizere iwiri basi, zilembo pafupifupi 40 pamzere, ndipo pakatha masekondi 6 yazimirira. Ndiye anthu atatu akamakangana nthawi imodzi, wolemba mawu apansiwo amasankha mmodzi kapena awiri, enawo amangowasiya. Mudzazindikira pamene munthu walankhula nthawi yaitali koma pansi palembedwa timawu titatu. Maso anunso ali pansi, nkhope ya wolirayo yakudutsani.

Yomasulira ya kwathu kuno imataya zambiri kuposa apo. Mnyamata mmodzi amalankhulira onse, mayi, mwana, mfumu, ndipo akatsegula pakamwa amatsitsa mawu enieni a filimu. Nyimbo imadukaduka, kunjenjemera kwa mawu a mayi wamasiye kumasowa, penanso amaikapo nthabwala pamaliro. Zimenezo zimandipweteka kwambiri.

Ya nkhondo, yomasulira ilibe vuto. Koma ya chikondi kapena ya milandu, ngati mumawerenga Chingerezi mwachangu, tengani ya mawu apansi.