Zolinga za kosi yosunga chimanga

"Ndikukonza kosi ya masiku 2 ya alimi kuno ku Mchinji pa kasungidwe ka chimanga. Ndalemba kuti ophunzira adzamvetsa kuumitsa chimanga, koma abwana akana. Ndilembe bwanji?"

Achimwene, abwana anuwo sanalakwe ayi. Funsani alimiwo ngati amvetsa, onse ati eee, nanga inu mudziwa bwanji kuti amvetsadi? Cholinga chizinena zomwe mlimi adzachite inu mukuona ndi maso, monga kuyesa, kusankha, kuwerengetsa kapena kusonyeza.

Chanucho chikhale chonchi: "Pomaliza kosi, mlimi adzatha kuyesa kuuma kwa chimanga ndi botolo ndi mchere, n'kusiyanitsa molondola masampulo 4 mwa 5." Apa zonse zilipo, chochita, zida zake, komanso mulingo wokhozera. Tsiku lomaliza mungoyala masampulowo patebulo, aliyense athire chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, akhutchumule, adikire pang'ono, mchere ukamata m'mbali ndiye kuti chimangacho sichinaume, asachiike m'thumba. Amene walephera aonekera pompo.

Koma samalani, ambiri amangosintha n'kulemba "adzafotokoza", chonsecho akufuna luso la manja. Munthu amafotokoza bwinobwino koma kumupatsa botolo osatha. Komanso masiku 2 ndi ochepa, zolinga 3 kapena 4 zakwana, chilichonse chochita chimodzi basi.