Maola asanu pa sabata ndi okwanira kukhoza molekyula bayoloje, koma osati kumaliza buku

"Aphungu, ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo semesita ino ya masabata 14 tili ndi kosi ya molekyula bayoloje. Ndili ndi makosi ena anayi komanso ndimagwira ntchito madzulo, moti kosi imeneyi ndingaipatse maola asanu okha pa sabata. Buku lake ndi la masamba oposa 1,000. Ndalemba taimutebulo yowerenga mitu iwiri pa sabata koma ndikuona kale kuti sinditha. Bambo akuti ndizidzuka 3 koloko mbandakucha kuti ndimalize buku lonse kawiri, chifukwa akufuna disitinkishoni. Ndiyambire pati?"

Mwanawe, yambira pong'amba taimutebulo imeneyo. Makalata onga ako ndimalandira semesita iliyonse ikamayamba, ndipo onse amalakwitsa pamodzimodzi: amagawa masamba a buku m'malo mogawa ntchito imene ubongo uyenera kugwira.

Tiye tiwerengetse. Maola asanu kwa masabata 14 ndi maola 70. Buku la mtundu umenewu, lodzaza ndi zithunzi zofuna kuimapo n'kulingalira, tinene kuti ukuwerenga masamba asanu pa ola ukumvetsadi. Amenewo ndi masamba 350. Sufika ngakhale pakati pa buku, ndipo pamenepo sunabwereze kalikonse. Inu bambo, ngati mukuwerenga nawo, masamu ake ndi amenewo. Mwana wogwira ntchito madzulo n'kudzuka 3 koloko adzakawodzera m'kalasi, ndipo ola la m'kalasi ndi lokhalo limene amalipeza popanda kuchotsera pa maola asanu aja. Tulo ndi timene timakhazika m'mutu zimene munthu waphunzira masana. Musamulande. Za disitinkishoni ndinene mosapsatira: ndi nthawi imeneyi cholinga choyenera ndi kukhoza bwino mosakayikitsa. Ikabwera tidzasangalala, koma musamange ndondomeko ya mwana pa chinthu chimene maola ake sakulonjeza.

Mwayi wako ndi woti molekyula bayoloje si mulu wa mitu yosagwirizana. Ili ndi msana umodzi: DNA imakoperedwa kukhala DNA ina, uthenga wake umalembedwa mu RNA, ndipo RNA imawerengedwa kuti papangidwe puloteni. Repulikeshoni, tiransikiripishoni, tiransileshoni. Pafupifupi zina zonse za mu kosi, kaya kuwongolera majini, kaya kukonza DNA yowonongeka, kaya njira za mu labu, zimapachikidwa pa msana umenewu. Choncho chida chako chachikulu semesita yonse si buku ayi, koma pepala limodzi lalikulu lokhala ndi mizati itatu, mzati umodzi pa ntchito iliyonse. Kumbali lemba mafunso omwewo kwa zonse zitatu: chikuwerengedwa n'chiyani, enzayimu kapena makina ake ndi ati, zimayambira pati, zimalowera mbali iti, zimathera pati, chotuluka n'chiyani, nanga mu bakiteriya zikusiyana bwanji ndi mu selo yokhala ndi nyukiliyasi.

Ukamadzaza pepalali udzaona zinthu zimene wowerenga mutu ndi mutu saziona. Polimerezi ya DNA singayambe yokha chingwe chatsopano, imafuna pulayima, kachidutswa kakafupi koyambirapo, pamene polimerezi ya RNA imayamba yokha. Zonse ziwiri zimangowonjezera kumapeto kwa 3′, ndiye kuti zimamanga kuchoka ku 5′ kupita ku 3′. Lamulo limodzi limeneli ndi limene limachititsa kuti chingwe chimodzi pa repulikeshoni chimangidwe m'zidutswa za Okazaki zimene ligezi imadzalumikiza. Ukalimvetsa mu sabata yachitatu, udzakumana nalonso mu sabata ya 11 pa PCR, njira ya mu labu yochulukitsa chidutswa cha DNA, pamene udzafunsidwa kuti mapulayima ake awiri aloze mbali iti, ndipo sudzaloweza chilichonse chatsopano. Ndiye chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti masabata oyambirira awapatse mtima wonse, ngakhale amaoneka ngati kubwereza za chaka chatha.

Tsopano maola asanu aja. Ndikuganiza kuti mumaphunzira kawiri pa sabata. Maola awiri oyamba ndi a zatsopano: ola limodzi pambuyo pa kalasi iliyonse, tsiku lomwelo kapena mawa lake, osachedwerapo. Mu ola limeneli sukopera manotsi. Tseka kope, tenga pepala loyera, jambula zimene alekichara anafotokoza mmene ukuzikumbukira, kenako tsegula n'kuwongola ndi cholembera cha mtundu wina. Buku ulitsegule pokhapo pamene wawongola koma sukumvetsabe, ndipo uwerenge ndime yokhayo.

Ola limodzi ndi theka ndi la kubwerera m'mbuyo, logawidwa katatu, mphindi 30 pa tsiku, masiku atatu osiyana. Apa ndi pamene ndimakhulupirira kwambiri, ndipo ndi pamene ophunzira amayamba kudumpha akangopanikizika. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimaiwalika mwamsanga masiku oyambirira, kenako pang'onopang'ono, ndipo kubwerezanso patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Ndiye mutu uliwonse uuone katatu: tsiku lotsatira kalasi, patapita sabata, ndi patapita mwezi. Sizifuna luso. Ukamaliza mutu, lemba dzina lake pa kalendala pa tsiku la sabata yamawa ndi pa tsiku la masabata anayi kutsogolo. Tsikulo likafika, jambula osayang'ana. Mwachitsanzo, repulikeshoni ya sabata yachitatu idzabweranso sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chiwiri, nthawi imene m'kalasi muli kale pa tiransileshoni. Udzaona ngati ukutaya nthawi pa zakale. Sukutaya.

Maola atatu ndi theka amenewa akachoka, ndiye kuti latsala ola limodzi la mafunso ndi mphindi 30 zopanda ntchito. Mphindi 30 zimenezo uzisiye zopanda kanthu dala, chifukwa tsiku lina kuntchito adzakuchedwetsa. Ola la mafunso liyambe sabata yachiwiri, osati mayeso akayandikira. Ndikuonetse chifukwa chake ndi funso laling'ono. Wapatsidwa chingwe cha DNA chimene polimerezi ikuwerenga:

3′-TAC GGA TTT ATC-5′

RNA yake ndi 5′-AUG CCU AAA UAG-3′. AUG ndi poyambira, ndipo imapereka metiyonini, CCU ndi purolini, AAA ndi layisini, UAG ndi poima. Aliyense amakhoza. Koma olemba mayeso amakonda kukupatsa chingwe chomwecho atachitembenuza, 5′-CTATTTAGGCAT-3′, n'kunena kuti ndi chimene chikuwerengedwa. Wophunzira amene anangowerenga buku amayambira kumanzere, n'kulemba GAU, ndipo yankho lonse lapita. Amene wakhala akuyeseza amayamba wayang'ana manambala a kumapeto, n'kuona kuti ayenera kuwerenga kuchokera kumanja. Onse awiri amadziwa kuti makodoni, timagulu ta zilembo zitatu tonga AUG, alipo 64, kuti 61 ndi a maamino asidi ndipo atatu ndi oimitsa. Kusiyana kwawo ndi koti mmodzi analakwitsapo kale pakhomo n'kupsa mtima, winayo akulakwitsa koyamba m'chipinda cha mayeso.

Pogawa masabata, tsatira ndondomeko ya kosi imene alekichara anapereka, chifukwa mayeso achokera mmenemo. Ikakhala ngati ya makosi ambiri, masabata awiri oyamba ndi a kapangidwe ka DNA ndi RNA, asanu otsatira ndi a ntchito zitatu zija, kenako kuwongolera majini, kenako njira za mu labu. Chimene ndikufuna uwonjezere wekha ndi ichi: sabata yachisanu ndi chitatu usaikepo kubwereza kwa pa kalendala, ikhale yotolera zotsalira ndi kukonzekera mayeso a pakati pa semesita, ndipo masabata a 13 ndi 14 akhale a mapepala a mayeso akale okha, olembedwa wotchi ili patsogolo. Zatsopano zimene alekichara angaphunzitse masabata amenewo uzipatse maola awiri aja basi.

Kuwongolera majini ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri oloweza, ndiye ndikuchenjezeretu. Laki operoni, gulu la majini a bakiteriya othandiza kugaya lakitosi, imene François Jacob ndi Jacques Monod anaifotokoza mu 1961, siifuna masamba khumi a manotsi. Imafuna kabokosi ka zipinda zinayi: lakitosi alipo kapena palibe, gulukosi alipo kapena palibe. Lakitosi akapanda, puloteni yotchinga yotchedwa ripuresa imakhala pa chigawo cha DNA chotchedwa opareta ndipo majini atsekedwa, gulukosi akhalepo kapena ayi. Lakitosi akakhalapo pamodzi ndi gulukosi, majini amagwira ntchito pang'ono chabe. Amatseguka kwathunthu pokhapokha lakitosi alipo, gulukosi palibe. Ukajambula kabokosi kameneka katatu pa masiku a pa kalendala, dzifunse wekha zimene mayeso amafunsa: nanga ripuresa itawonongeka moti singagwire opareta? Majini adzakhala otseguka ngakhale lakitosi palibe. Ngati yankho limeneli ukulipeza polingalira, wamvetsa. Ngati ukufunafuna m'mutu tsamba limene linalembedwa, bwererako.

Pali chizindikiro chimodzi chokuuza kuti ndondomeko ikukunamiza. Ukatsegula manotsi zonse zikuoneka zodziwika, mtima uli m'malo, koma ukapatsidwa pepala loyera dzanja likuima. Kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa m'mutu ndi zinthu ziwiri, ndipo mayeso amalipira chachiwiricho. Lamlungu lililonse tenga mphindi zisanu uwerenge mitu imene unajambuladi wekha sabata imeneyo. Maola amene unakhala pa desiki usawawerenge n'komwe.

Sabata ina idzakuthawa ndithu, mwina udwala, mwina makosi enawo akufinya. Usakankhire zonse kutsogolo ngati ngongole, chifukwa pakatha masabata awiri ngongoleyo idzakula mpaka udzasiya kuyang'ana kalendala. Chepetsa zatsopano, ola lija likhale mphindi 30 zongodzaza pepala la mizati itatu, koma kubwerera m'mbuyo ukusunge. Mutu umodzi wosamalizika bwino umakuchotsera funso limodzi. Kusiya kubwereza kumawononga mitu yonse imene unaivutikira kale.

Ndipo iwe, usathe sabata yoyamba ukukongoletsa taimutebulo ndi mitundu. Kalendala ndi cholembera zakwana. Popeza unatha kuwerengetsa maola ako moona mtima usanandilembere, zimene anzako ambiri sachita, ndikuganiza kuti utha. Madzulo ano pita ukawaonetse bambo masamu a masamba 350 aja, kenako mawa ukajambule mizati itatu.