Chifukwa chiyani madzi a malalanje akudya ayodini wochepa pa tsiku lachitatu?

"Ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Zomba. Lolemba tinafinya malalanje m'kalasi, ndipo mamililita 20 a madzi ake anadya mamililita 11.2 a ayodini asanasinthe mtundu. Otsalawo tinawasiya mujagi pawindo. Lachitatu mlingo womwewo unadya mamililita 7.9 okha. Kodi talakwitsa penapake, kapena vitamini C wathawadi? Nanga manambalawa tingawasandutse bwanji kukhala mamiligalamu?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera, ndipo mtima ukhale pansi, chifukwa zimene ana anu aona ndi zomwe ziyenera kuoneka. Komabe pali chinthu chimodzi chimene simunatchule m'kalata yanu, chomwe popanda icho manambala awiriwo sangayerekezedwe mwachilungamo: kodi ayodini wanu munamuyesa mphamvu pa masiku onse awiri?

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kapu. Vitamini C, amene dzina lake lina ndi asidi wa asikobiki, akakumana ndi ayodini amamusandutsa ayodaidi, yemwe alibe mtundu:

C6H8O6 + I2 → C6H6O6 + 2H⁺ + 2I⁻

Dontho lililonse la ayodini likagwera m'madzi a chipatso limazimiririka nthawi yomweyo malinga ngati vitamini akadalimo. Vitaminiyo akatha, dontho lotsatira limasowa chomulanda, choncho limagwirana ndi sitachi amene mwathiramo, ndipo madzi onse amada bii mobiriwira. M'madzi a malalanje mtundu umenewu suoneka bwino ngati m'madzi oyera. Umayamba ngati phulusa losakanikirana ndi chikasu, n'chifukwa chake ine ndimaika pepala loyera pansi pa kapu, n'kuika kapu ina ya madzi a malalanje osathira kanthu pambali pake kuti maso akhale ndi poyerekezera. Mtunduwo ukakhala masekondi pafupifupi 20 mukutakasa osazimiririka, lekani kudontheza. Sitachi wake savuta: theka la galamu la ufa wosalala wa chinangwa mulisungunule m'mamililita 50 a madzi otentha, mudikire azizire, ndipo muthire mililita imodzi m'kapu iliyonse. Akhale wa tsiku lomwelo, pakuti wokhalitsa amachita nkhungu ndipo mtundu wake umafooka.

Pa pepala masamu ake ndi apafupi. Molo ndi mlingo umene asayansi amawerengera tizidutswa ting'onoting'ono topanga chinthu. Molo imodzi ya vitamini C imalemera magalamu 176 ndipo imadya molo imodzi ya ayodini, motero mililita imodzi ya ayodini wa 0.005 mol/L iyenera kuimira mamiligalamu 0.88 a vitamini. Koma ayodini sakhala ndi mphamvu imene yalembedwa pabotolo kwa nthawi yaitali, chifukwa amauluka botolo likamatsegulidwa kawirikawiri, makamaka m'nyengo yotentha ngati ya mwezi wa Okutobala. Choncho musadalire chizindikiro cha pabotolo. Muyeseni ndi piritsi. Gulani piritsi wamba la vitamini C la mamiligalamu 500, losasakaniza ndi mankhwala ena, muliphwanye, mulisungunule m'madzi mpaka akwane mamililita 500. Mililita iliyonse ya madzi amenewa ili ndi miligalamu imodzi.

Tiyerekeze kuti Lolemba mamililita 10 a madzi a piritsiwo, omwe ndi mamiligalamu 10, anadya mamililita 11.6 a ayodini. Mukagawa 10 ndi 11.6 mupeza kuti mililita imodzi ya ayodini wanu ikuimira mamiligalamu 0.86. Madzi a malalanje anadya 11.2, ndiye kuti munali mamiligalamu 9.7 m'mamililita 20, kapena kuti pafupifupi 48 m'mamililita 100, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi lalanje longofinya kumene, lomwe kawirikawiri limakhala cha m'ma 50. Lachitatu, ngati ayodini sanasinthe, 7.9 akupereka mamiligalamu 6.8, omwe ndi 34 m'mamililita 100. Koma ngati piritsi latsopano litasungunulidwa Lachitatu lomwelo likanadya mamililita 12.4, ndiye kuti ayodini wafooka kufika pa 0.81, ndipo yankho loona likanakhala 32. Taonani kumene cholakwacho chimapendekera: ayodini wofooka amabisa kutayika kwa vitamini, sakukulitsa ayi. Kutsika kumene munaonako ndi koonadi, ndipo mwina n'kokulirapo kuposa mmene manambala anu akusonyezera. Piritsi lisungunulidwe latsopano tsiku lililonse loyesa, chifukwa nalonso likagonera m'madzi limaonongeka monga momwe madzi a chipatso aonongekera.

Tsono vitaminiyo wapita kuti? Zimene ayodini amachita m'kanthawi kochepa, mpweya wa okosijeni umazichita pang'onopang'ono. Mkati mwa lalanje losasenda, madzi amakhala otsekeredwa m'timatumba tating'ono. Mukafinya, kusefa ndi kutsanulira mujagi, mwalowetsamo mpweya, ndipo jagi yosavundikira imalola wina kulowa m'malo mwa umene watha. Okosijeniyo amasandutsa vitamini C kukhala C6H6O6, chinthu chomwe chija chili kumanja kwa fomula, chotchedwa asidi wa dihaidiroasikobiki, ndipo ayodini akafika amapeza ntchito yake yagwiridwa kale. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi, kuwala nakonso kumathandizira, ndipo pawindo panu zonse ziwiri zinalipo. Chimene ambiri sachiganizira ndi zitsulo: kopa wochepetsetsa, kapena dzimbiri la mpeni ndi sefa, limafulumizitsa kuonongekaku kwambiri. Ndinaonapo ana a gulu lina akupeza zotsika kuposa anzawo onse pa malalanje a mtengo umodzi, ndipo titafufuza tinapeza kuti anasefera m'kasefa ka tiyi kadzimbiri. Chimene chimateteza madzi a malalanje ndi mandimu ndi kuwawasa kwake, pakuti vitamini C amakhalitsa m'madzi a asidi kusiyana ndi m'madzi osawawasa.

Apa pali mfundo imene ndikupemphani kuti muifotokoze bwino kwa ana, chifukwa ndi malire a njira yonseyi. Asidi wa dihaidiroasikobiki uja thupi limatha kumubweza kukhala vitamini C, choncho gawo lina la zimene ayodini sakuziwerenga likadali la phindu kwa womwa. Kutayika kosabwezeka kumachitika pa sitepe yachiwiri, pamene chinthu chimenechi chiphwanyika m'madzi n'kusanduka china chimene thupi silingachigwiritse ntchito monga vitamini. Mwana akalemba kuti gawo limodzi mwa magawo atatu la vitamini latayikiratu, walemba zopitirira umboni wake. Cholondola n'chakuti gawo limenelo silikupezekanso m'maonekedwe amene ayodini amawazindikira.

Ayodini amasokeretsanso mbali ina, popeza sasankha vitamini C yekha. Majuwisi ena a m'sitolo amathiridwa salifaiti woteteza kuti asaonongeke, ndipo salifaitiyo amadya ayodini, kotero kuti yankho limakwera mwabodza. Werengani chizindikiro cha pabotolo musanayerekeze juwisi wotere ndi wofinya nokha.

Kuti ana aone okha chimene chikuononga kwambiri, finyani kamodzi, musefe ndi nsalu yoyera, mugawe m'timabotolo tating'ono. Tina mutidzaze mpaka pakamwa n'kutseka, tina mutisiye theka, ndipo pa gulu lililonse, tina tipite mufiriji, tina mukabati ya mdima. Tsiku lililonse loyesa likhale ndi kabotolo kake, chifukwa botolo limodzi lotsegulidwa tsiku ndi tsiku limamwa mpweya watsopano nthawi iliyonse. Kabotolo kalikonse kayesedwe katatu, ndipo ngati mayankho atatuwo asiyana kuposa mamililita 0.2, abwerezenso. Ngati byureti, chubu chokhala ndi milingo chodonthezera ayodini, palibe, sirinji ya mamililita 10 imagwira ntchito, bola ikhale yomweyo pa piritsi ndi pa chipatso. Mukafuna kuyesa magwafa kapena malambe, omwe ali ndi vitamini wochuluka kuposa malalanje, sungunulani madzi ake ndi mlingo wodziwika wa madzi oyera musanayambe, apo ayi ayodini akutherani gulu lachiwiri lisanafike pa tebulo.