Fulashi yabwezedwa: katundu woipa kapena kazulidwe?

"Achemwali, ndayamba kumene kuoda mafulashi ndi mamemore ku Kariakoo, msika wa ku Dar es Salaam. Makasitomala ena akubweza, akuti nyimbo sizikulira. Kodi andigulitsa zabodza?"

Achimwene, zabodza ziliko, koma musathamangire kuweruza. Yambani mwafunsa kasitomalayo mmene anachotsera fulashiyo pa kompyuta.

Fulashi ili ngati sitolo yokhala ndi kaundula. Katundu ndi nyimbozo, kaundula ndi kagawo kolembamo dzina la fayilo iliyonse, kukula kwake ndi pomwe yakhala. Kompyuta ikamakopera imalemba zonse ziwiri, koma osati nthawi imodzi. Mukazula pakati, mwina dzina lalembedwa pomwe nyimbo yalowa theka, ndiye imalira pang'ono n'kudukira panjira. Choopsa ndi kuzula kaundulayo ali mkati molembedwa, chifukwa pamenepo ngakhale mafayilo akale, omwe simunawakhudze n'komwe, amatha kusowa, mayina n'kusanduka zilembo zosawerengeka.

Tiyerekeze kuti wobena akuika mavidiyo a 2 GB pa fulashi yotchipa yolemba 5 MB pa sekondi. Ntchitoyo ndi ya mphindi pafupifupi 7. Kasitomala akumva kondakitala akuitanira, wobena n'kuzula pa mphindi yachinayi. Kunyumba vidiyo yomwe inali kulowa ikukana kutseguka, ndipo mawa fulashi yabwerera pa benchi lanu, mlandu n'kukhala wanu.

Chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti nthawi zina mzere wa pa sikirini umatha pomwe zina zikadali m'kompyuta kudikira kulembedwa. Mukadina Eject, kompyuta imamaliza zotsalazo n'kutseka kaundula. Kuyambira pa Windows 10 ya vesheni 1809, makonzedwe a Quick removal anachepetsa vutoli, koma sapulumutsa munthu wozula kukopera kuli mkati. Dikirani uthenga wa Safe to Remove Hardware, ndipo ngati fulashi ili ndi kanyali, dikirani kasiye kuphethira. Kompyuta ikakana kuti fulashi ikugwiritsidwa ntchito, tsekani nyimbo kapena vidiyo yomwe ili yotsegula, muyesenso. Pa foni lowani mu Settings, Storage, mudine Eject kapena Unmount, kapena mungoizimitsa kaye musanatulutse memore.

Ikabwera yolemba kuti You need to format the disk, musavomere msanga ngati muli zithunzi za mwini wake. Zipulumutsidwe kaye. Ngati ikutseguka koma mafayilo ena ndi osokonekera, koperani zabwinozo pa kompyuta, kenako tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe izi, pomwe E: ndi chilembo cha fulashiyo:

```
chkdsk E: /f
```

Tsono kusiyanitsa ndi yabodza n'kosavuta. Yovulala ndi kuzula imachira mukaifomata. Yabodza, yolembedwa 32 GB pomwe mkati ndi yochepa, imawononga mafayilo ikangodzaza kufika pa kukula kwake kwenikweni, ngakhale mudine Eject bwinobwino. Ine ndimayesa zingapo ndi H2testw, pulogalamu yoyesera kukula kwenikweni kwa fulashi, ndisanalipire katoni, chifukwa mukawoloka Songwe kubweza katundu n'kovuta.