Khansala anati palibe vuto, koma kalata yathu ku khonsolo sakuidziwa

"A loya, gulu lathu la achinyamata likukonza ndawala yopezera ndalama zothandizira ana amasiye. Tikufuna ikathere pa bwalo la khonsolo, pomwe padzakhale zoimbaimba. Kalata yopempha chilolezo tinapatsira amalume anga, omwe amadziwana ndi khansala, ndipo khansalayo anati palibe vuto. Kwatsala masabata atatu, koma ku khonsolo akuti kalatayo sakuidziwa. Kodi tingapitirire potengera mawu a khansala?"

Musapitirire. Pamaso pa malamulo, mpaka lero simunapemphe kalikonse. Khansala amakhala nawo pa misonkhano yopanga mfundo za khonsolo, koma kawirikawiri si iye amene amasayina zilolezo. Ntchito imeneyo ndi ya mkulu wa khonsolo kapena ofesala amene wapatsidwa mphamvuzo. Tsiku la ndawala wapolisi akadzakuimitsani, adzafuna pepala, ndipo khansala uja foni yake mwina idzakhala yozima. Amalume anu anachita zabwino mwa iwo okha, koma kalata ya ku ofesi siyendera pa chibale. Ndatopa nazo nkhani za makalata amene anathera m'thumba la jekete la munthu wodziwika.

Msampha umene ndauona ukugwetsa milandu yambiri ya mtundu uwu ndi kusowa umboni wakuti kalata inalandiridwa, komanso tsiku limene inalandiridwa. Anthu amataya nthawi kukometsa mawu a m'kalata, n'kuiwala chidindo. Chonsecho masiku amene malamulo amawerenga pa pempho lotere kawirikawiri amayambira pa tsiku limene ofesi yalandira, osati limene inu munalemba pamwamba pa kalata. Khonsolo ikakukanizani mopanda chilungamo, kapena ikangokhala duu osayankha, mutha kupempha khoti kuti liunike zimene yachitazo. Funso loyamba la woweruza lidzakhala lakuti munapempha liti, ndipo anakuyankhani chiyani. Loya wa khonsolo akaimirira n'kunena kuti m'kaundula mwawo mulibe kalata yotere, inu mulibe kope la chidindo, mlandu umathera pomwepo. Zoti munali ndi ufulu kapena ayi sizifikidwa n'komwe.

Ndiye lembani ina mawa. Sindikizani makope awiri, pitani nawo nokha ku ofesi yolandirira makalata, ndipo kope lanulo alidinde, alembepo tsiku ndi dzina la wolandira. Alipo alembi ena amene amakuuzani kuti "ingosiyani, tiiona." Musangosiya. Akakana kudinda, lembani nokha dzina lawo ndi nthawi pamaso pa mboni, kenako mutumizenso kalatayo kudzera pa positi yosayinira kapena pa imelo ya ofesiyo tsiku lomwelo. Kalata yoyamba ija muitchule m'chiganizo chimodzi chokha, musaidalire.

M'kalatamo musasokoneze zinthu zimene zili zosiyana. Kusonkhana mwamtendere ndi ufulu. Pangano la mayiko la 1966 lokhudza ufulu wa anthu ndi wa ndale limauteteza mu gawo 21, ndipo pangano la mayiko a mu Afirika la 1981 limauteteza mu gawo 11. Mu 2020, komiti ya bungwe la mgwirizano wa mayiko onse yoyang'anira pangano la 1966 lija inafotokoza kuti kukakamiza anthu kuyamba apempha chilolezo kumachepetsa ufuluwu, ngakhale boma litha kufuna kuti lidziwitsidwe nthawi ikadalipo. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri, pa za ndawala ya pamsewu mumadziwitsa akuluakulu ndi apolisi, simupempha. Koma bwalo ndi katundu amene khonsolo imayang'anira. Pamenepo mukupemphadi, ndipo atha kukulipiritsani, kukuikirani malire, kapena kukuuzani kuti tsikulo analonjeza kale ena. Zokuzira mawu ndi kusonkhetsa ndalama kwa anthu pamsewu nazonso nthawi zambiri zimakhala ndi malamulo akeake.

Kusiyana kumeneku kumaluma pa nkhani ya kukhala chete. Pomwe lamulo limangofuna chidziwitso, ofesi ikapanda kuyankha, mwina mungathe kupitirira. Pomwe likufuna chilolezo, chete si kuvomera, pokhapokha lamulolo litanena choncho momveka. Anthu ambiri amamva za loyambalo n'kuligwiritsa ntchito pa lachiwiri, kenako amapeza geti la bwalo lili ndi loko, oimba atalipidwa kale.

Choncho pempho lanu ligawike bwino. Mutatha kulemba dzina la gulu, keyala, tsiku ndi mutu wa kalata, mtima wake ukhale wonga uwu: "Tikupempha chilolezo chogwiritsa ntchito bwalo lakuti pa tsiku lakuti, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kuphatikizapo zokuzira mawu. Tikukudziwitsaninso kuti padzakhala ndawala yochokera pakuti, kudzera msewu wakuti, ya anthu pafupifupi 300. Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 7, ndipo ngati pempholi lakanidwa, mutipatse zifukwa zake." Manambalawo ndangoikapo ngati chitsanzo, inu muike anu enieni. Musachepetse chiwerengero cha anthu pofuna kuti avomere msanga. Mukalemba 300 n'kubwera 2,000, mwawapatsa nokha chifukwa chothetsera mwambowo pakati, ndipo wina akavulala bodzalo lidzakutsatani.

Masiku 7 amenewo sawamanga akuluakulu a khonsolo, koma amakuthandizani inu. Akadutsa, lembani kalata yokumbutsa, nayonso idindidwe. Makalata awiri a chidindo opanda yankho ndi umboni umene loya angayambire kugwira ntchito. Kupemphatu zifukwa nakonso n'kofunika, chifukwa kukana kongoti "sizitheka" n'kovuta kukuteteza m'khoti kusiyana ndi kukana kotchula vuto lenileni, monga lakuti msewuwo ukukonzedwa. Ndisakunamizeni kuti khoti lidzakukomerani. Makhoti sakonda kulowerera pa ganizo la khonsolo ngati ndondomeko inatsatidwa, ndipo ena amafuna kuti muyambe mwadandaula mkati mwa khonsolo momwemo. Woweruza amadandaulanso ndi munthu amene wabwera kutatsala tsiku limodzi pomwe vutolo analidziwa kale.

Masabata atatu ndi ochepa. Mukafika ku ofesi, funsani kuti lamulo la khonsoloyo limafuna pempho lifike kutatsala masiku angati, komanso ngati pali fomu yapadera, poti kwina kalata yopanda fomu saiwerengera. Ngati nthawi yadutsa kale, pemphani m'kalata momwemo kuti akulandireni mochedwa, ndipo tchulani tsiku lina limene mungasinthire.

Zotsalazo n'zachidule. Kalata ilembedwere mkulu wa khonsolo pa udindo wake, osati pa dzina, ndipo kope lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo, nalonso lidindidwe. Asayine ndi wapampando kapena mlembi wa gulu, ndipo adziwe kuti ngati gululo silinalembetsedwe mwalamulo, zowonongeka zitha kugwera iye mwini. Fotokozani za oyang'anira bata, zimbudzi, thandizo loyamba kwa ovulala ndi wotola zinyalala mukamaliza, ndipo funsani ngati akufuna inshuwalansi. Ndalama iliyonse mulipire ku ofesi ya zachuma ndipo mulandire lisiti ya khonsolo. Wokuuzani kuti mumupatse pamanja kuti "afulumizitse" akukulowetsani m'mlandu wa ziphuphu, ndipo nanunso mudzayankha. Chilolezo chikatuluka, werengani malire ake onse, makamaka nthawi yotsekera zoimbaimba, ndipo musalipire oimba kapena kusindikiza zolengezera chisanafike m'manja mwanu.