Kudziwa ntchito zomwe zaima pa bolodi ya kanibani

"Kuntchito kwathu tili ndi bolodi ya kanibani. Ndingazindikire bwanji msanga ntchito zimene zaima?"

Achimwene, pa bolodi imeneyi khadi lililonse ndi ntchito, ndipo limayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Yambirani kumanja, pafupi ndi Done, gawo la ntchito zomwe zatha, muzibwerera kumanzere. Pomwe makadi aunjikana, vuto lili pomwepo kapena kumanja kwake. Tinene kuti Review, gawo lowunikira ntchito, malire ake ndi makadi 3 koma alipo 7, pamene Done mulibe chatsopano. Owunika ntchito athodwa, ndiye kayambeni mwawathandiza musanatenge ina.

Khadi limodzi lokha likaima limabisala, ndipo ine limeneli ndi lomwe limandidetsa nkhawa. Ife timadontheza kadontho pakhadi m'mawa uliwonse. Ntchito ya masiku awiri ikafika madontho asanu, funsani mwini wake: ikudikira ndani? Khadi lopanda dzina la munthu, dziwani kuti palibe akuligwira.